Lendi ya ofesi silowa m'thabwa la mipando

Funso: "Ndimapanga mipando ku Luwinga. Kodi lendi yonse ndiiwerengere pa mtengo wa mpando?"

Ayi, achimwene, osati yonse. Ndalama zimene zalowa popanga katundu, monga matabwa, guluu, malipiro a akalipentala ndi lendi ya shedi yopangiramo, zimakakamira pa mpandowo ndipo zimakhala m'buku ngati katundu wa m'sitoko mpaka tsiku limene wagulitsidwa. Lendi ya ofesi, kutsatsa malonda ndi malipiro a wogulitsa zimachotsedwa pa phindu la mwezi womwewo, kaya mwagulitsa kaya ayi.

Tiyerekeze kuti mwapanga mipando 100 ndi K2,000,000, kutanthauza K20,000 uliwonse, ndipo mwagulitsa 60. Mwezi umenewo muchotsa K1,200,000 yokha, pamene K800,000 itsala m'sitoko pamodzi ndi mipando 40 ija. Koma lendi ya ofesi ya K300,000 ichotsedwa yonse.

Mukaisakaniza ndi ndalama zopangira, mpando ufika pa K23,000, ndipo K120,000 ibisala m'sitoko, phindu n'kuoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti cholakwikachi chimakula m'miyezi imene katundu sakuyenda, nthawi yomwe mukufunika kuona zoona.