Chigaza cha ku Kabwe chikuchitabe chiyani ku London?

"Achimwene, ku myuziyamu ya ku Livingstone anandiuza kuti chigaza cha munthu wamakedzana wa ku Kabwe chomwe ndinaonacho nchoumba chabe, chenicheni chili ku London. Dziko lonse likudziwa komwe chinachokera. Nanga chikuvuta nchiyani kuti chibwerere kwawo?"

Achemwali, ofufuza mbiri ya katundu wotere saima pa funso loti chinachokera kuti. Amalondola manja onse amene chinadutsamo, ndipo pa dzanja lililonse amafunsa ngati woperekayo anali ndi mphamvu yopereka.

Chigazachi chinafukulidwa pa 17 Juni 1921 mu mgodi wa mtovu wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe. Mabuku amatchula mzungu wa ku Switzerland, Tom Zwiglaar. Wantchito wachikuda amene anali naye dzina lake silinalembedwe, ndipo zimenezi zimandiwawa nthawi zonse ndikaziwerenga. Chaka chomwecho kampani ya mgodiwo inachipereka ngati mphatso ku London, ndipo chili ku Natural History Museum, ndi mano ake obooka aja komanso kabowo pafupi ndi khutu lakumanzere.

Mlandu wagona pa mawu oti mphatso. Mu 1912 ku Northern Rhodesia kunali kutakhazikitsidwa kale lamulo loletsa kutulutsa zinthu zamakedzana popanda chilolezo cha akuluakulu olamulira dzikolo. Boma la Zambia likunena kuti chigazacho chinatuluka mophwanya lamuloli. Ndiye wofufuza amasanthula makalata a kampani, kaundula wolandirira katundu kumyuziyamu ndi mafayilo a atsamunda, kusaka pepala limodzi lokha. Chilolezo chikapanda kupezeka, mphatsoyo imakhala ngati munthu wakupatsa mbuzi ya mnansi wake. Koma chenjerani apa: kusowa kwa pepala si umboni wokwanira, poti mafayilo amatayika, ena amadyedwa ndi chiswe. Pamafunika kalata yosonyeza kuti sanapemphe n'komwe.

Ngakhale umboni utakwana, pali chitseko china. Lamulo la ku Britain la 1963 limaletsa myuziyamuyi kutulutsa katundu wake kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Lina la 2004 linalola kubweza mafupa a anthu, koma okhawo osapitirira zaka 1,000. Chigaza chathuchi, malinga ndi kafukufuku wa 2020, chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Pangano la UNESCO la 1970, loletsa kuzembetsa katundu wa chikhalidwe, nalonso silibwerera m'mbuyo kukaweruza za 1921.

Nchifukwa chake nkhaniyi sinathere kukhoti. Zambia yakhala ikupempha kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2018 inakambidwa ku komiti ya UNESCO yoona zobweza katundu wotere, yomwe imangoyanjanitsa, siilamula.

Ine maganizo anga ndi oti chibwerere. Phanga lomwe chinapezekamo linakumbidwa lonse ndi mgodi, palibe chatsala, moti mwana wa ku Kabwe wofuna kuona chenicheni ayenera kuyamba wapempha viza ya ku Britain.