Foni ikusintha mawu mu meseji yachingerezi

"Ndikamalembera makasitomala anga azungu pa WhatsApp foni imangosintha mawu, dzulo m'malo mwa Zomba yalemba Zumba. Nditani abale?"

Achimwene, poyamba muziona kaye kuti walakwitsa ndani, foni kapena chala chanu, poti mankhwala ake ndi osiyana. Tiyerekeze muli ku depoti mukufuna kulemba kuti "I am in Zomba but the bus is late" koma zapita ndi izi: "I am on Zumba bit tje bus is late".

Zumbayo ndi ntchito ya kiyibodi, dzina la tawuni yathu silikupezeka mu dikishonale yake ndiye yangotola liwu lofanana nalo lomwe ikulidziwa. Tje uja ndi chala, h ndi j zagundizana. Koma oopsa kwambiri ndi on ndi bit, chifukwa u, i ndi o zili motsatana pamzere wapamwamba, chala chikaterereka pang'ono mumatulutsa liwu lenileni lachingerezi ndipo foni imangolisiya, kwa iyo palibe cholakwika. Amenewa nthawi zambiri kiyibodi siiwagwira, muziwerenga nokha musanatumize, makamaka manambala, K15,000 ikasanduka K16,000 kiyibodi sinena kanthu ndipo kasitomala adzagwira zomwe munalembazo.

Ngati kiyibodi yanu ndi Gboard, ya Google ija, ikangosintha liwu dinani kofufutira kamodzi nthawi yomweyo musanalembe china, limabwerera momwe munalembera. Zikakanika lowani Settings ya Gboard kenako Text correction muyatse Undo auto-correct on backspace. Mayina omwe mumalemba tsiku ndi tsiku ngati Zomba, Matawale, Chinamwali, Ku Chawe, alowetseni mu Dictionary, Personal dictionary, ndiye isiya kulimbana nawo.

Ena akuuzani kuti ingozimitsani Auto-correction yonse, ine pamenepo sindikugwirizana nazo kwenikweni kwa munthu wolemba chingerezi cha bizinesi, chifukwa ma tje aja ndi iyoyo imakukonzerani. Vuto limakula mukamalembera Chichewa ndi chingerezi pa kiyibodi imodzi yomweyo, imaphunzira mawu onse n'kumasakaniza. Bola pitani pa Languages, Add keyboard, muike ya Nyanja, ndiye mukamasintha chilankhulo muzidina batani lalitali la sipesi osachotsa chala mpaka ibweretse posankha.

Meseji ikapita kale musathamangire kudilita, mzungu akaona mwafufuta amayamba kuganiza kuti mwina mukusintha mtengo. Idineni osachotsa chala musankhe Edit, WhatsApp imalola mkati mwa mphindi 15 zokha ndipo iye amaona kuti yakonzedwa koma foni yake simuliranso kumudziwitsa. Nchifukwa chake ngati cholakwikacho ndi mtengo, nthawi kapena malo okumanirana, ndipo ma tiki asanduka kale abuluu, tumizani meseji ina mulembenso chiganizo chonse molondola, osati kanyenyezi ndi liwu limodzi lokha.