Za kutalika ndi mphuno musazitchule olo pang'ono

"Amayi anzanga thandizeni. Nyumba yoyandikana ndi yathu kuno ku Kamuzu Road mwalowa mayi wina ndi ana awiri, ena akuti ngwa ku Rwanda ena akuti ku Burundi. Ndikufuna ndikawalonjere, ndikayambe ndi nkhani yanji, ndiwayamikire chani, nanga zosayenera kufunsa ndi ziti?"

Eeeh asisi mwandikumbutsa zowawa, mpaka ndasiya mbale osatsuka kuti ndilembe. Ndaona ena pamwambapa akuti mukawauze kuti ndi okongola, atali bwino, ayi chonde imeneyo ndiye musayerekeze, ndi imene inandiphera chineba ine mu 2023.

Nthawi imeneyo timachita lendi kufupi ndi Senga Bay, ndiye nyumba ya kuseli kwathu munalowa mayi wa ku Rwanda, wa zaka za m'ma 40, ali ndi mtsikana wake wa sekondale. Munthu wofatsa, woyankhula motsitsa mawu, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili koma chomveka. Poyamba zonse zinayenda bwino zedi. Tsiku loyamba ndinangoima pa geti, odi odi, takulandirani mayi, ine ndi wa nyumba iyi, madzi akasiya mjigo uli uko, makala abwino amabwera nawo anyamata a njinga m'mamawa musagule a madzulo amakweza. Basi. Anaseka, anati zikomo, mawa lake anandipatsa moni okha. Patapita masiku ndinawapititsira chigwada chotendera, ndiye nkhani inatseguka pamenepo chifukwa kwawonso amadya masamba a chinangwa osinja, amawatcha isombe, koma iwo amathiramo mafuta a mawese ndi mafupa a ng'ombe. Tinacheza mpaka mdima za chigwada chokhachokha, ine kutsutsa kuti chotendera ndiye chenicheni iwo kukana kkkk. Anandiuzanso za tinsomba ta m'nyanja ya Kivu, sambaza, toti timafanana ndi usipa wathu. Mukuona, munthu anatchula yekha za kwawo ine osamufunsa.

Ndiye kunabwera alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba, kudzatenga mpunga wa ku Lifuwu. Munali mu Epulo, sabata ya Pasaka. Atamva kuti kuli neba wakunja akuti tiyeni mukandionetse. Tafika, mayi aja atiyalira mkeka pakhonde, atibweretsera tiyi wamkaka wa jinja, mwana wawo wakhala pambali akusankha nyemba. Alamu anayamba bwinobwino ndi moni, kenako akuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, eee koma ndinu atali, khosi lake, taonani mphuno yowongoka ngati ya mzungu, ndiye kuti inu ndi Atutsi eti? Ine magazi anauma. Mayi aja kapu ili m'manja anangoima chomwecho, kumwetulira kuja kulipobe koma maso asintha, anangoti ine ndi wa ku Rwanda. Munthu wanzeru akanasiyira pompo. Alamu anga ayi, akuti nanga paja munaphana kwambiri kwanu kuja, inu munapulumuka bwanji, abale anu alipo? Nanga bambo a mwanayu ali kuti? Ndikuwatsina pa ntchafu, akundichotsa dzanja, amvekere ndikungocheza ine. Mwana uja anaika lichero pansi nyemba zina kutayika, kulowa m'nyumba kutseka chitseko. Mayi ake akutolera nyemba imodzi imodzi manja akunjenjemera, ndipo alamu anamaliza ndi iyi, koma mapepala muli nawo, paja boma lati nonse mubwerere ku Dzaleka. Anatero akumwa tiyi wa mwiniwakeyo, mxii.

Tangoganizani, mwezi umenewo ndi wa maliro kwa anthu a ku Rwanda. Kuphana kuja kunayamba pa 7 Epulo 1994, kunatha mu Julayi, masiku pafupifupi 100, ndipo anafa anthu 800,000 kapena kuposa, ambiri mwa iwo Atutsi. Chaka chilichonse pa 7 Epulo amayamba kukumbukira. Munthu wa zaka 40 mu 2023 ndiye kuti nthawi imeneyo anali mwana wa zaka 11, anaona ndi maso ake. Ndipo pa zotchinga za m'misewu anthu ankaphedwa poona chiphaso chomwe chinkalembedwa mtundu, pena pongoyang'ana msinkhu ndi mphuno yomweyo. Ndiye inu mukuti mukuyamikira kukongola, mnzanu akumva kuti mukumuyeza. N'chifukwa chake boma lawo linachotsa za mitundu pa ziphaso, kwawoko kufunsa zimenezi ndi nkhani yaikulu. Ngati neba wanuyo ndi wa ku Burundi musati mwapulumuka, kumenekonso ndi mitundu yomweyo, nkhondo inayamba 1993 ataphedwa pulezidenti Ndadaye mpaka 2005, kenako chipwirikiti china mu 2015 chomwe chinathawitsa anthu ambiri.

Ife tinazolowera, kwanu nkuti, mfumu yanu ndani, ndinu Angoni kapena Ayao, mfunda wanu ndi chani, mwina tipeze chibale kapena tiyambe kunyozana mwa nthabwala. Kwa ife ndi kucheza. Alamu anga mpaka lero amaima pomwepo, akuti ndinalakwa chani ine, munthu wobisa mtundu wake ndiye kuti ali ndi mlandu. Mayi wamkulu wa ana asanu, wa mvano, wovala yunifomu Lachinayi lililonse, koma pakamwa popanda zipi. Ndipo bambo a kunyumba m'malo mowadzudzula akuti asiye ndi mmene alili achemwali. Mmene alili! Iwo anakwera minibasi ndi thumba lawo la mpunga kubwerera, wotsala ndi manyazi ndine.

Choipa kwambiri chinabwera mu Meyi, apolisi atayamba kugwira othawa kwawo ku Lilongwe kuwapititsa ku Dzaleka, mashopu kutsekedwa. Mayi aja anali ndi mapepala awo onse, sanali wa kukampu n'komwe, koma nanga akanaganiza chani za nyumba yomwe kunachokera funso la mapepala? Makatani anatseka, mwana anasiya kubwera kudzaonera TV kwathu, moni unasanduka wa dzanja patali. Ndinapita ndi nthochi kukapepesa m'malo mwa alamu, analandira mwaulemu, anati palibe vuto, koma anandilandirira pa geti. Lendi yawo itatha anasamuka osatsanzika, ndinangomva kwa alandilodi.

Ndiye inu poyamba pitani masana, osati m'mamawa anthu asanasambe, osatinso usiku chifukwa kugogoda kwa usiku kwa munthu wotere kumadzidzimutsa. Dzitchuleni inuyo kaye, ndine mayi a uje, nyumba yanga ndi iyo, bambo amagwira ntchito yakuti. Inu mukayamba kudziulula iye amasankha yekha choti abweze. Mufunseni kuti ndizikuitanani ndani, osamutchula Mburundi ngati mmene timachitira ndi aliyense wa shopu, wa ku Rwanda kapena ku Congo zimamunyansa, ndipo ana anu muwaletse kukuwa dzina limenelo pa mpanda.

Nkhani zoyambira zili mbwee kuno ku Salima. Kutentha kokha ndi nkhani ya ola lathunthu, kwawoko ndi kumapiri kozizira ndiye mukangoti mukugona bwanji ndi kutenthaku, dikirani Okutobala muone, aseka basi. Udzudzu, muwafunse ngati ali ndi neti. Mtengo weniweni wa kabaza kuchoka pa Kamuzu Road kupita kumsika kapena kuchipatala, chifukwa anyamata aja akangomva Chichewa chopindika amawonjezera. Muwauze kuti nthawi ya mwera, cha mu Juni mpaka Ogasiti, nyanja imavuta nsomba zimakwera mtengo, asaganize kuti akuberedwa. Sukulu ya ana, chigayo, kogula mayunitsi a magetsi. Zimenezi munthu wachilendo amazifuna kuposa mawu okoma, komanso siziwawa kuyankha.

Poyamikira, yamikirani zomwe wachita ndi manja ake. Pakhomo mwasesa bwino, nyumbayi inali yosaoneka koma mwaisintha. Ana anu ndi aulemu, andipatsa moni panjira. Chitenje ichi mwasoketsa bwino, telala wake ndi uti. Chichewa mukuyankhula bwino, ndipo akalakwitsa musaseke mpaka kuitana anzanu kuti adzamve. Fungo la ndiwo zanu lafika mpaka kwathu, mwathira chani, imeneyi ndiye imagwira ntchito nthawi zonse chifukwa mawa mbale ibwera. Koma osayamikira katundu, eee firiji yaikulu, sofa yodula, bizinesi ikuyenda eti, chifukwa iye akumva kuti mukuwerenga zomwe ali nazo, ndipo anthu awa mashopu awo akhala akuthyoledwa. Thupi lisiyeni lonse. Ngati mwatsimikiza kuti ngwa ku Rwanda mutha kuponya muraho pa moni ndi murakoze pothokoza, wa ku Burundi amahoro, amasangalala, koma mukhale mutamva kwa iye mwini osati kwa amayi a pamjigo.

Za bambo a ana musafunse, mwina anamwalira moipa, mwina ali ku Dzaleka, mwina anangosiyana, zonsezo si za tsiku loyamba. Munabwera liti ku Malawi, munadzera njira iti, mudzabwerera liti, mapepala, Kagame ndi wabwino kapena woipa, zonsezi ayi. Za Kagame anthu amaziona ngati zopepuka chifukwa timamva pa wailesi kuti Kigali ndi waukhondo, koma simukudziwa kuti munthuyo anachoka chifukwa cha chani, ndipo ambiri amaopa kuti zoyankhula zawo zikafika kwina. Za tchalitchi mutha kungonena komwe mumapemphera inu, akafuna afunsa yekha. Mukaona akuyankha mawu amodzi amodzi, kapena wayamba kutuma mwana zinthu zosafunika, kapena akubwereza kuti palibe vuto palibe vuto, dziwani kuti mwaponda penapake, bwererani ku nkhani ya nsomba mutsanzike.

Komanso musachite kuuma pakamwa ngati muli pa intavyu, anthu awa amazindikira msanga kuti mukuwazemba ndipo zimawawanso, chezani momasuka, mufunseni ndithu za kwawo, mvula imagwa liti, amalima chani, nyemba amaphika bwanji. Ndipo musapite nokha ulendo woyamba, tengani mayi mnzanu mmodzi kuti zisaoneke ngati mwapita kukafufuza, awiri nkhani imayenda bwino. Bola asakhale mlamu wanu, ndipo mugwirizane kunyumba kuti mukamutsina atseke pakamwa.