Pampu isadyere magetsi pa pini ya Arduino

"Ndalumikiza kapampu ka madzi ka 5V ku pini 9 ya Arduino Uno, koma kakungong'ung'udza osazungulira. Ena akuti ndiike tiranzisita ndi dayodi. Ndilumikize bwanji?"

Achimwene, zulani kaye waya ameneyo pini isanapse. Pini ya Uno imapereka 20 mA bwinobwino, ndipo 40 mA ndiye mapeto ake, pomwe timapampu timeneti timakoka 100 mpaka 200 mA, poyamba kuzungulira kuposa apo. Ntchito ya pini ikhale kungolamula, katundu asenze tiranzisita.

Tinene kuti pampu yanu imakoka 200 mA. Tiranzisita ya PN2222 ikukwanirani, ndipo miyendo yake itatu ndi kolekita, besi ndi emita. Waya wofiira wa pampu apite ku pozitivu ya magetsi akeake a 5V, wakuda ku kolekita, emita ku negetivu. Pini 9 ipite ku besi kudzera pa rezisita ya 330 Ω. Besi imadya 0.7V, ndiye (5 − 0.7) ÷ 330 ikutipatsa 13 mA, yomwe pini imapereka osavutika. Anthu ambiri amangotola rezisita ya 10k chifukwa ndi imene ili pafupi, tiranzisita n'kutseguka pang'ono chabe, kumatentha, pampu ikuyenda mwaulesi. Musaiwalenso kulumikiza negetivu ya magetsi a pampu ku `GND` ya Arduino, apo ayi `digitalWrite(9, HIGH)` sichita kanthu. Miyendo ya tiranzisita musaiganizire pamtima: PN2222 ndi P2N2222 zimaoneka ngati mapasa koma kolekita ndi emita zinasinthana malo.

Tsopano dayodi, pamene ambiri amagwa. Mkati mwa mota ya pampu muli waya wokulungiza, ndipo magetsi oyenda mmenemo sakonda kuimitsidwa mwadzidzidzi. Tiranzisita ikangotseka, mota imawakankhabe, mphamvu pa kolekita n'kudumpha kupitirira 5V kutalitali. Chomwe chimalandira nkhonyayo ndi tiranzisita. Dayodi ya 1N4007 imawapatsa njira yozungulira m'mota momwemo mpaka atatha.

Iikeni mopingasa pa mawaya awiri a pampu, mbali yokhala ndi kamzere koyera ku pozitivu, inayo ku kolekita. Poiona imakhala ngati yatembenuzidwa, ndipo ndi momwe iyenera kukhalira, chifukwa pampu ikamayenda dayodi siyenera kudutsitsa kanthu. Mukaiika mosemphanitsa, magetsi amalambalala pampu n'kudutsa m'dayodi, pampu ili zii, tiranzisita yosagwirika ndi chala. Mukapanda kuiika, zimatha kuyenda masiku angapo, kenako tsiku lina pampu osazimanso ngakhale mutalemba `LOW`, tiranzisita itapsa mkati.

Mukaona Arduino ikuyambiranso yokha pampu ikamayaka, ndiye kuti zikudyera pamodzi magetsi ochepa. Ndi chifukwa chake sindikonda kutenga magetsi a pampu pa pini ya `5V`. Zikapitirira ngakhale mwazilekanitsa, ikani kapasita ya 0.1 µF pa mawaya a mota, pafupi ndi dayodi ija.