Funsani Dokotala: Ndidye chiyani kuti mphamvu za kuchipinda zibwerere?

Adokotala, ndili ndi zaka 47 ndipo ndimayendetsa minibasi. Kwa chaka tsopano chida changa chimadzuka mofooka ndi kugwa msanga. Ndatafuna gondolosi, chinangwa chachiwisi ndi mtedza, msuzi wa mang'ina sindiuphonya, ndagulanso timapiritsi pamsika, koma palibe chosintha. Mayi akunyumba ayamba kundikayikira. Ndidye chiyani? Ndine bambo wa ku Bangwe.

Bambo, umuna wanu sunathe, ndipo vutoli silitanthauza kuti chikondi chazilala. Kwa abambo a msinkhu wanu, nthawi zambiri gwero lake limakhala mitsempha ya magazi. Chida chimadzuka magazi akadzaza m'kati mwake, ndipo mitsempha yobweretsa magaziwo ndi yopapatiza kwambiri, mamilimita 1 mpaka 2, pamene ya mtima ndi 3 mpaka 4. Mafuta, shuga, fodya kapena kuthamanga kwa magazi zikayamba kuwononga mitsempha, yaing'onoyi ndiyo imayamba kudandaula, kawirikawiri zaka zingapo mtima usanayambe kuvuta. N'chifukwa chake chaka chimene mwakhala chete chikundidetsa nkhawa.

Chakudya choti mudye madzulo n'kugwira ntchito usiku womwewo kulibe. Chinangwa chachiwisi ndi chokhutitsa chabe, ndipo chowawa chija chili ndi poizoni. Kuyera kwa madzi ake sikukhudzana ndi mphamvu za abambo. Msuzi wa mang'ina umakoma, inde, koma mafuta oyandama pamwamba ndi mchere wake ndi zomwezo zimene zikutsekereza mitsempha. Gondolosi sangatsegule mtsempha wouma. Pa zonse mwatchulazo, mtedza wokha ndiwo uli ndi phindu, koma umathandiza pang'onopang'ono kwa miyezi: wodzaza dzanja limodzi patsiku, wopanda mchere, wopanda chuku.

Tiyeni tione tsiku la dalaivala. M'mawa tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi mandasi, masana tchipisi cha pachiwaya pa Limbe ndi chakumwa chozizira, usiku mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chija limakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono 7 kapena 8, ndipo mafuta a pachiwaya amatenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda. Sinthani motere: m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika, tiyi wa sipuni imodzi. Masana nsima ya mgaiwa mitanda iwiri ndi nyemba kapena nandolo, chakumwa chikhale madzi. Usiku masamba adzaze theka la mbale, kaya ndi bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru. Masamba obiriwira amathandiza thupi kupanga mpweya umene umamasula mitsempha kuti magazi adutse bwino. Usipa kapena matemba kawiri pa sabata, owiritsa ndi tomato osati osambira m'mafuta, ndi mapeyala kapena magwafa nyengo yake ikafika.

Pa mchere ndipo ambiri amagwera. Munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo, wa m'timibulu tokometsera ndiwo, ndi wothira pa kanyenya. Soda wa m'therere nayenso amawonjezera pa chiwerengerocho. Mukatsatira izi, n'kumayenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, yembekezerani kusintha pakapita miyezi, osati masiku. Ngati mumasuta, zakudyazi sizingapikisane ndi fodya.

Timapiritsi ta pamsika tija tisiyeni lero. Simudziwa mlingo wake, ndipo mankhwala odzutsa chida akakumana ndi mankhwala ena a mtima, monga oika pansi pa lilime, kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi mpaka munthu kukomoka kapena kufa kumene. Enieni alipo ndipo amathandiza, koma alembedwe ndi dokotala amene wakuyezani.

Sabata ino pitani kuchipatala chaching'ono cha ku Bangwe kapena ku Limbe m'mawa musanadye kanthu. Akuyezeni kuthamanga kwa magazi: kukamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, ndi matenda. Akuyezeninso shuga: akafika 7, kapena 126 pa makina ena, ayenera kutsimikizidwa ndi kuyamba chithandizo. Muyezenso mimba pa mchombo, chifukwa kupitirira masentimita 94 ndi chenjezo. Muwauze ngati chida chimadzukabe m'mamawa, popeza chikamadzuka bwino nthawi imeneyo, nkhawa ndi kutopa zingakhale ndi gawo lalikulu. Ngati mukumwa kale mankhwala a kuthamanga kwa magazi, musawasiye panokha, chifukwa ngati ena akufooketsa pali ena oti angakusinthireni. Koma kupweteka pachifuwa kapena kubanika pokwera chitunda musakudikirire, pitani ku Queen Elizabeth tsiku lomwelo.

Mayi akunyumba apite nanu. Akamva okha kwa dokotala kuti nkhani ndi ya mitsempha, kukayikira kumachepa, komanso ndi iwo amene mugwirizane nawo za mchere ndi mafuta a m'ndiwo.