Musanasinthe Chipata kukhala Kasenengwa, werengani kaye mndandanda

"Abale, thandizeni. Ndimasunga mafayilo a gulu lathu la alimi, ndipo ambiri adalembedwa dera lathu likadali pansi pa boma la Chipata. Tsopano tili m'boma la Kasenengwa. Mnzanga wandipatsa lamulo la `sed` loti lisinthe mawu akuti Chipata m'foda yonse kamodzin'kamodzi. Ndingoliyendetsa?"

M'bale wanga, lisiyeni kaye lamulolo pambali. Ndikuuzeni zomwe zidandichitikira ine ndi mafayilo a gulu lina la ku Chipangali, boma lomwe lidapatulidwa ku Chipata mu 2018 pamodzi ndi lanulo. Ndidayendetsa lamulo lofanana ndi lanu madzulo, magetsi atatsala pang'ono kuzima, ndipo m'mawa mlembi wa gululo adandiimbira foni akuseka. M'kalata yolangiza amayi oyembekezera mudali mutalembedwa kuti apite msanga ku "Chipangalila". Mawu akuti chipatala amayamba ndi zilembo zisanu ndi ziwiri zomwezo za dzina la tauni yathu, ndipo kompyuta sidziwa kuti china ndi boma, china ndi kolandirira mankhwala. Kwa inu kukanatuluka "Kasenengwala". Fulumira adadya gaga, ndipo ine ndidamudyadi tsiku limenelo.

Choyamba ndi kuona chilichonse chomwe chikanakhudzidwa, osasintha kanthu. Ubwino wa `grep` ndi woti imangowerenga, silemba m'mafayilo anu, ndiye mutha kuiyendetsa kakhumi popanda mantha. Lowani m'fodayo mulembe izi:

```
grep -rniI --exclude-dir=.git 'chipata' . > ../mndandanda.txt
wc -l ../mndandanda.txt
```

Chilembo `r` chikuti ilowe m'mafoda onse a m'kati, `n` ikuika nambala ya mzere, `i` ikuti isasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo `I` wamkuluyo akudumpha mafayilo omwe si mawu wamba, monga zithunzi. Mndandandawo ndauika kunja kwa foda dala, kuti mukafufuzanso usamadziwerenge wokha. Pa sitepe iyi ponyani ukonde waukulu. Ndi bwino kukola zambiri n'kutaya zina ndi maso anu kusiyana n'kuphonya zomwe simudzadziwa n'komwe kuti zilipo.

Kwa ine `wc` idati 197. Koma dziwani kuti iyo ndi mizere, si kuchuluka kwa malo pomwe mawuwo akupezeka, chifukwa mzere umodzi utha kukhala ndi Chipata kawiri. Ndiye musanayambe kuwerenga mizere yonseyo umodziumodzi, funsani kaye kuti mawuwa akuoneka m'maonekedwe angati. Ili ndiye lamulo lomwe ndimalikonda kuposa onse pa ntchito yotereyi:

```
grep -rhoiI --exclude-dir=.git '[[:alpha:]_]*chipata[[:alpha:]_]*' . | sort | uniq -c | sort -rn
```

Apa `o` ikutulutsa liwu lokhalo lomwe lapezeka, osati mzere wonse, `h` ikubisa dzina la fayilo, ndipo zotsalazo zikuunjika ofanana pamodzi n'kuwawerenga. Zanga zidatuluka chonchi:

```
131 Chipata
 38 chipatala
 17 kuChipata
  9 CHIPATA
  6 kuchipatala
  3 chipata_alimi
```

Zonse pamodzi ndi 204. Nambala imeneyi ilembeni papepala, tidzaifuna kumapeto. Taonani kuti mizere isanu ndi umodzi yokha yatiuza kale zambiri: malo 44 ndi a chipatala, ndipo alibe mlandu uliwonse. Atsala 160 oti tiganizire.

Pano wina m'gulu muno anena kuti ingoikani `-w`, kuti ipeze liwu lathunthu lokha. Zoona, `-w` ichotsa chipatala. Koma ichotsanso kuChipata, chifukwa ambiri aife timalumikiza ku, pa ndi mu ku dzina la malo, ndipo kwa `grep` zikatero lasanduka liwu lina. Malo 17 aja akanasowa mwakachetechete. Ichotsanso `chipata_alimi`, popeza kamzere kapansi kaja imakawerenga ngati chilembo. Chodabwitsa n'chakuti m'Chipata imamupeza bwinobwino, chifukwa kachizindikiro kapakatiko si chilembo. Ndiye `-w` pa Chinyanja ndi sefa yoboola mosadziwika. Ine ndimachotsa chokhacho chomwe ndachiona ndi maso kuti n'chosafunika:

```
grep -vi 'chipatala' ../mndandanda.txt > ../otsala.txt
```

Chenjezo limodzi: `-v` imataya mzere wonse, kotero mzere wonena kuti "chipatala cha ku Chipata" upita nawo. Yang'anani mwachangu mulu wotayidwawo musanauiwale.

Tsopano yafika ntchito yomwe palibe lamulo lingakuchitireni. Tsegulani `otsala.txt`, khalani pansi ngati mukusankha nshawa palichero, ndipo kutsogolo kwa mzere uliwonse muike chilembo chimodzi: S wosintha, K wokhala, F wofunsa. Funso lake ndi limodzi pa mzere uliwonse: kodi Chipata uyu akunena boma lomwe munthuyu akukhala lero, kapena akunena china?

Mudabwa kuchuluka kwa "china". Adiresi ya bokosi la kupositi ikadali ya ku Chipata ngati makalata anu mumakatengabe m'tauni. Nthambi ya banki yomwe gulu limasungako ndalama siidasamuke. Chiganizo chakuti lole idzanyamuka kuChipata Lachisanu chikunena tauni. Malisiti ndi maminitsi a misonkhano ya 2016 akunena zoona za nthawi yawo, ndipo mukawasintha mwalemba mbiri yabodza, boma lomwe kudalibe chaka chimenecho. Tsiku lomwe owerengera ndalama adzayerekeze fayilo yanu ndi pepala la m'kabati, mudzatuluka thukuta. Ndiye pali `chipata_alimi` uja, lomwe kwa ine lidali dzina la tebulo lomwe pulogalamu imaitana. Mukalisintha m'fayilo koma tebulo lenilenilo likadali ndi dzina lakale, pulogalamu imangoima.

Povuta kwenikweni ndi pomwe zonse ziwiri zili mumzere umodzi. Onani uwu, wochokera m'fayilo yomwe makolamu ake ndi nambala, mbewu, boma ndi msika:

```
./alimi.csv:12:0412,soya,Chipata,Chipata
```

Chipata woyamba ndi boma la mlimi, ndipo asinthe. Wachiwiri ndi komwe amakagulitsa soya wake, ndipo akhale. Lamulo la mnzanu lija, ngati lili ndi `g` kumapeto, likanasintha onse awiri, ndipo cholakwika ichi sichiseketsa ngati Kasenengwala, choncho palibe akanachiona. Mukanangodzazindikira miyezi itapita, lipoti likunena kuti palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amagulitsa m'tauni. Mzere ukakhala wosamveka pawokha, onani oyandikana nawo ndi `grep -n -C 2 'Chipata' kalata.txt`, yomwe ikuonetsani mizere iwiri pamwamba ndi iwiri pansi.

Mulu wa F musauchitire manyazi. Boma lakale lidagawika patatu, ndiye m'ndandanda wa gulu lanu mutha kukhala alimi omwe midzi yawo idatsala ku Chipata kapena idapita ku Chipangali. Zimenezo `grep` sidziwa, ndipo inunso muli m'ofesi musalote. Sindikizani mizere ya F yokha, mupatse wapampando kapena alangizi a zaulimi a m'deralo, iwo amadziwa mudzi ndi mudzi. Pa malo anga 160, osintha adali 96, okhala 41, ofunsa 23. Kunena kwina, pa 204 onse aja, oposa theka sadayenera kukhudzidwa tsiku limenelo.

Mukamaliza kusankha, m'pamene `sed` ibwere, koma yomangidwa chingwe chachifupi. Muipatse fayilo imodzi, mawu opanikiza, ndipo ngati alimi osintha ali motsatana, muipatsenso nambala za mizere zomwe `grep` idakupatsani:

```
sed -i.bak '12,58s/,Chipata,/,Kasenengwa,/' alimi.csv
diff alimi.csv.bak alimi.csv
```

Makoma awiri ozungulira dzinalo ndiwo akuteteza kolamu ya msika, popeza iyo ili kumapeto ndipo ilibe koma kumanja kwake. `.bak` ikusungirani fayilo yakale, ndipo `diff` ikuonetsani mizere yomwe yasinthadi. Nambala za mizere zimagwira ntchito pokhapokha ngati palibe yemwe wawonjezera kapena kuchotsa mzere chiyendetsereni `grep`, ndiye uzani anzanu asagwire fayiloyo tsiku limenelo. Makalata, omwe amakhala ndi malo awiri kapena atatu, ingowakonzani pamanja, sizitenga nthawi. Apo muonenso chiganizo chonse, chifukwa kuChipata ndi CHIPATA wa pamutu wa fomu aliyense afuna kalembedwe kake.

Kenako bwererani ku nambala ya papepala ija. Sunthirani mafayilo a `.bak` kunja kwa foda, apo ayi awerengedwa nawo, n'kuyendetsanso lamulo lowerenga maonekedwe lija. Kwa ine 204 kuchotsa 96 kudayenera kutsala 108. Zikatsala zochepa, mwasintha china chomwe chidayenera kukhala. Zikatsala zambiri, mwaphonya china cha mulu wa S. Onetsetsaninso kuti chipatala akadali 38 ndi 6 monga poyamba.

Pali zina zomwe mndandandawu sungakuonetseni, ndipo ndikukayikira kuti muli nazo. Mafayilo a `.xlsx` ndi `.docx` ndi opanikizidwa m'kati ngati zipu, kotero `grep` siona mawu ake ndipo sidandaula, imangokhala chete ngati mulibe kanthu. Sipuredishiti muitulutse kaye ngati `.csv`, kapena mufufuze m'pulogalamu yake momwemo, pogwiritsa ntchito batani loonetsa zonse zopezeka musanakhudze losintha zonse. `grep` siyang'ananso maina a mafayilo, pamenepo mufunika `find . -iname '*chipata*'`. Ndipo ngati alembi anu amafanana ndi omwe ndidagwira nawo ntchito ine, yesaninso `grep -rniI 'chipta\|chpata' .`, chifukwa m'fayilo ya feteleza ndidapeza alimi anayi omwe kwa zaka zambiri adakhala m'boma la Chipta.