Andikana sikolashipu, mu apilo ndiwonjezeremo chiyani?

"Abale ndithandizeni. Ndinasankhidwa ku MUBAS ndipo ndinafunsira sikolashipu ku bungwe lina lolipirira ana ovutika, koma andikana. Kalata yawo ikungoti sindikuoneka wosowa thandizo kwenikweni, ndipo andipatsa masiku 14 ochita apilo. Pomwe ndinkadzaza fomu mu Juni bambo anali moyo, akugwira ntchito ya ulonda, koma anatisiya mu Ogasiti. Folomu 3 ndi 4 ndinaphunzira pa pulaiveti, ankalipira azakhali. Ndili ndi mapointi 14, masatifiketi a kwaya ndi a mpira. Ndiike zonsezi?"

Pepani kwambiri ndi maliro a bambo, achemwali. Koma musaike zonse ayi. Ndakhalapo m'komiti yoona zopempha ngati zimenezi, ndipo apilo yomwe imadutsa ndi yomwe yayankha chifukwa chenichenicho chimene munthu wakanidwira. Inu mwachita mwayi kuti chifukwacho akulemberani. Sakukayika za nzeru zanu, akukayika za umphawi wanu. Choncho mapointi 14 aja, ngakhale ndi abwino zedi, sakuyankha funso lawo. Anawaona kale pa fomu yoyamba. Za kwaya ndi mpira zisungeni m'chikwama, zidzagwira ntchito kwina.

Tayesani kuiona fomu yanu ndi maso a munthu amene sakudziwani. Akuona bambo ali pa ntchito, akuonanso mwana wochokera ku sukulu ya pulaiveti. Iye akungoti, banja limene lakwanitsa fizi ya pulaiveti zaka ziwiri silingalephere ya ku yunivesite, n'kuika fomuyo pambali. Sakudziwa kuti malipiro a mlonda ndi angati, sakudziwanso za azakhali. Ndiye muli ndi mabowo awiri oti mutseke, ndipo ndi osiyana. Loyamba ndi chinthu chimene chasintha fomu itapita kale. Lachiwiri ndi chinthu chimene chinalipo koma anachimva molakwika.

Za imfa ya bambo ndiye mtima wa apilo yanu, chifukwa ndi nkhani yatsopano, ili ndi tsiku, ndipo munthu atha kuitsimikiza. Pepala lolemera kwambiri ndi satifiketi ya imfa yochokera ku NRB, yomwe mumayambira ku ofesi yawo ya kwa DC. Vuto n'lakuti siituluka lero ndi lero, ndipo masiku 14 sachedwa kutha. Musadikire. Ngati anamwalirira kuchipatala, tengani chikalata chimene achipatala anapereka potulutsa thupi. Ngati anamwalirira kunyumba, pitani kwa amfumu akulembereni kalata yokhala ndi dzina lonse la malemu, tsiku lomwalira, mudzi, T/A ndi chidindo. Kenako m'kalata yanu mulembe kuti satifiketi mwafunsira tsiku lakuti ndipo mudzaipereka ikangotuluka. Komiti imalandira pepala lotsatira pambuyo ngati apilo inafika nthawi yake. Apilo yofika mochedwa nthawi zambiri siitsegulidwa n'komwe, ngakhale ikhale ndi zidindo khumi.

Apa pali msampha umene umagwetsa ambiri. Onetsetsani kuti dzina la bambo pa chikalata cha imfa likufanana ndi lomwe munalemba pa fomu mu Juni, komanso kuti dzina lanu pa chiphaso cha unzika likufanana ndi la pa zotsatira za MANEB. Kwathu kuno munthu mmodzi amadziwika ndi dzina la ubatizo kutchalitchi, dzina la agogo kuntchito, ndi mfunda kumudzi. Woona mapepala akapeza mayina awiri amaganiza kuti mwabwereka maliro a munthu wina, ndipo zoterozo anaziona kale. Ngati mayina akusiyana, pitani kwa majisitireti kapena kwa loya mukalumbire kuti ndi munthu mmodzi, pepala lolumbiralo muliphatikize.

Musaime pa imfa yokha. Onetsani chimene imfayo yachita pa ndalama za pakhomo. Komiti imayerekeza manambala, ndiye apatseni manambala. Mwachitsanzo, ngati bambo ankalandira K120,000 pamwezi, mayi amagulitsa tomato n'kumapeza mwina K40,000, ndipo pakhomo pali ana anayi, lembani choncho: mu Juni pakhomo pankalowa K160,000, lero pakulowa K40,000, ndipo anthu odya ndi asanu. Ikanipo manambala anu enieni, osakokomeza. Kalata ya kumene ankagwira ntchito yonena malipiro awo ndi tsiku limene anasiya kulandira imathandiza kwambiri. Ngati kunabwera ndalama ya chipepeso kapena ya penshoni, itchuleni nokha ndi mmene inagwirira ntchito. Akaitulukira okha poimbira foni abwana aja, zonse zomwe mwalemba amayamba kuzikayikira.

Tsopano za pulaiveti. Pano mawu anu okha sakwanira. Mukufunika kalata ya ahedi kapena a maakaunti a pa sukuluyo yonena kuti fizi yanu ya folomu 3 ndi 4 ankalipira ndi mayi akutiakuti, osati makolo anu. Ngati malisiti a ku banki alipo okhala ndi dzina la azakhali, chitani fotokope awiri kapena atatu. Koma dziwani kuti kalata imeneyi ibala funso lina nthawi yomweyo: nanga azakhaliwo bwanji osapitiriza? Liyankheni asanalifunse. Azakhali alembe okha mizere yochepa, asaine, aike nambala ya foni: kaya anapuma ntchito, kaya ana awo afika ku sekondale, kaya geni inagwa. Chifukwa chikhale choona, poti ena amaimbadi foni.

Ngati nthawi ikulolani, pitaninso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Kalata yawo imalemera kuposa ya abusa kapena ya amfumu, chifukwa iwo ndi a boma ndipo ntchito yawo ndi yofufuza mabanja ovutika. Ngati mayi ali pa Mtukula Pakhomo, fotokope ya khadi lawo ilowemo. Ngati sali pamenepo, musadandaule nazo.

Kalata yeniyeniyo isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba dzina lanu, nambala ya fomu yanu, pulogalamu yomwe mwasankhidwa, ndi tsiku la kalata yawo yokukanani. Chiganizo choyamba chinene kuti mukupempha aunikenso chigamulo chawo chifukwa pali mfundo ziwiri zomwe sizinali pa fomu. Ndime imodzi ya imfa ndi ndalama, ndime ina ya pulaiveti, ndipo paliponse muloze pepala lake: onani pepala 1, onani pepala 3. Mapepalawo muwalembe manambala pakona. Pomaliza nenani chimene mukupempha. Ngati thandizo la fizi yokha, popanda ya chakudya ndi malo ogona, lingakuthandizeni kuyamba sukulu, nenani, chifukwa nthawi ya apilo thumba limakhala litatsala pang'ono ndipo komiti imatha kupereka theka pomwe sikadatha kupereka zonse.

Zinthu ziwiri musalembe. Musatchule mnzanu amene wapatsidwa chonsecho kwawo kuli galimoto, ngakhale zikuwawa. Komiti siikambirana za munthu wina ndi inu, ndipo kalata imayamba kumveka ngati dandaulo la nsanje. Komanso musasinthe zomwe munalemba poyamba, monga kunena kuti bambo sankagwira ntchito. Fomu yakale ali nayo, ndipo adzaziika pamodzi.

Potumiza, tsatirani njira yomwe kalata yawo yanena. Ikakhala imelo, mapepala onse akhale mu PDF imodzi yowerengeka bwino, osati zithunzi zamdima zojambulidwa pamphasa usiku. Mukakapereka pamanja, tengani makope awiri, imodzi akudindireni tsiku mubwerere nayo, ndipo mapepala enieniwo asachoke m'manja mwanu.

Podikira yankho, pitani kwa oyang'anira za ophunzira ku MUBAS ndi mapepala omwewa. Funsani tsiku lomaliza kulembetsa, ngati amalola kulipira fizi pang'onopang'ono, komanso mmene mungasungire malo anu mwalamulo zikavuta, chifukwa kungokhala pakhomo osawauza kutha kukutayitsani malowo. Ndipo ngati simunafunsire ngongole ya boma ku HESLGB, kapena munafunsira bambo akadali moyo, funsani komweko kuti nkhani ya imfayi mungaifikitse bwanji kwa iwo.